Nkhuku 100, masiku 56 ndi phindu la K345

Ndisanagule anapiye oyamba ndinachita masamu a pamtima, ndipo masamuwo anali okoma. Anapiye 100 a nkhuku za nyama, zimene timazitcha mabuloila, anali pa K19 mmodzi, kutanthauza K1,900. Chakudya cha masabata asanu ndi limodzi chinali matumba 8 a makilogalamu 50, ndipo onse pamodzi anali K5,200. Ku Mtendere, komboni ya mumzinda wa Lusaka ku Zambia kumene ndimakhala, nkhuku yamoyo yokhwima anthu ankaigula K130, choncho ndinaona K13,000 ikulowa, K7,100 ikutuluka, K5,900 ikutsala m'thumba. Amayi a kunyumba atamva masamuwa sanatsutse. Anangondipatsa kope la sukulu limene mwana wathu anasiya, n'kunena kuti, "Bambo a ana, muzilemba chilichonse, ngakhale ya basi." Manambala onse amene ndikupereka pano ndawatenga m'kope limenelo. Ndi mitengo imene ine ndinalipira ndi kulandira mu Juni ndi Julayi 2024, ndipo wofuna kuweta lero aikemo mitengo ya tsiku lake.

Chaka chimenecho chinali cha chilala. Chimanga chinakwera mtengo, ndipo chakudya cha nkhuku, chimene mbali yake yaikulu ndi chimanga ndi soya, sichikanatsika. Madzi atachepa ku damu la Kariba magetsi ankazima maola ambiri, kotero kuti maganizo ofunditsa anapiye ndi nyale ya magetsi anathera pomwepo, ndipo ndinagula mbaula ziwiri ndi makala. Apa m'pamene masamu a pamtima anayamba kusiyana ndi a m'kope. Mwanapiye wa tsiku limodzi satha kudzifunditsa yekha. Sabata loyamba amafuna kutentha kwa madigiri 32 kapena 33 pansi pamene wagona, ndipo kutenthako kumatsitsidwa pang'onopang'ono, pafupifupi madigiri atatu pa sabata, mpaka nthenga zitakwanira. Mu Okutobala zimenezi sizidya ndalama zambiri, koma usiku wa Juni ku Lusaka ndi wozizira ndithu, ndipo mbaula zinayaka masabata atatu athunthu. Matumba atatu a makala pa K250 limodzi anandidyera K750, ndalama imene sinali m'masamu anga oyamba n'komwe.

Makalawo sanapulumutse anapiye onse. Usiku wa tsiku lachinayi ndinagona tulo tofa nato, moto unazilala cha m'ma 2 koloko, ndipo m'mawa ndinapeza anapiye ataunjikana pakona, anayi a pansi atafa chifukwa chopanikizidwa ndi anzawo. Wachisanu anafa patapita masiku awiri. Chizindikiro chake n'chosavuta kwa amene wadzuka kukayang'ana: anapiye ozizidwa amaunjikana pafupi ndi moto akulira mokweza, otenthedwa amathawira m'mbali atatsegula milomo, ndipo amene zinthu zili bwino amabalalika khola lonse, ena akudya ena akugona. Mu sabata lachisanu zinafanso ziwiri zimene mimba zawo zinali zodzaza madzi, vuto limene limakonda kugwira nkhuku zokula msanga zimene zinazizidwa kapena kusowa mpweya wabwino zili zazing'ono. Ndikukhulupirira kuti usiku uja unathandizirapo, komanso chizolowezi changa chotseka makatani onse a khola poopa mphepo pamene mbaula zikuyaka mkati.

Imfa zimenezi sizilemera mofanana m'kope. Mwanapiye wofa tsiku lachinayi amapita ndi K19 yake ndi chakudya chochepa kwambiri, mwina K21 zonse pamodzi. Nkhuku yofa mu sabata lachisanu imakhala itadya pafupifupi makilogalamu atatu, ndiye imapita ndi ndalama zokwana pafupifupi K60. Chotero anapiye asanu aja, amene anandipweteka mtima kwambiri, ananditayitsa ndalama zocheperapo poyerekeza ndi nkhuku ziwiri zokha za mu sabata lachisanu. Komabe, zofa msanga ndi zofa mochedwa zimafanana pa chinthu chimodzi, kuti zonse zimachoka pa nambala imene mudzagawire ndalama zanu pamapeto. Pofika tsiku la 42 ndinali ndi nkhuku 93.

Za chakudya ndinayenda monga anandilangizira pa sitolo. Matumba awiri a sitata, chakudya choyambira anapiye, pa K680 anali K1,360, atatu a gulowa, chokulitsira, pa K650 anali K1,950, ndipo atatu a finisha, chomalizira, pa K630 anali K1,890. Pa tsiku la 42 thumba lomaliza linali kutha. Ndinagwira nkhuku khumi mosasankha, zazikulu ndi zazing'ono, n'kuziyeza pa sikelo yopachika, ndipo pakatikati iliyonse inali makilogalamu 2.4. Nkhuku 93 zinali pafupifupi makilogalamu 223 zonse pamodzi, ndipo zinadya makilogalamu 400. Mukagawa 400 ndi 223 mupeza 1.8, kutanthauza kuti kilogalamu imodzi ya nkhuku yamoyo inafuna makilogalamu 1.8 a chakudya. Kwa khola la kuseri kwa nyumba nambala imeneyi si yochititsa manyazi. Ikanapitirira 2 ndikanafufuza ngati chakudya chikutayika m'utuchi chifukwa zodyeramo zili pansi kwambiri kapena zadzadzidwa mpaka pakamwa, ngati makoswe akudya nawo usiku, kapena ngati nkhuku zili ndi matenda a m'matumbo amene amaoneka ndi zitosi za magazi. Ndanena zimenezi kuti zimveke kuti vuto silinali kawetedwe. Nkhuku zinakula bwino.

Tsopano zing'onozing'ono, zimene munthu amatulutsa m'thumba osaona. Katemera wa matenda a chitopa ndi wa matenda a gumboro, kawiri aliyense, ananditengera K240, ndipo ikanakhala yoposa pamenepo ndikanapanda kugawana mabotolo ndi mnzanga wa ku Kalingalinga amene anatenga anapiye tsiku limodzi ndi ine. Botolo limodzi limapangidwira nkhuku mazana angapo, ndipo likasungunulidwa m'madzi liyenera kumwedwa mkati mwa maola awiri, kotero woweta nkhuku 100 yekha amalipira katemera wambiri amene amakathera pansi. Mavitamini ndi mankhwala otsukira khola anali K210. Utuchi wa kwa akalipentala, matumba 6 pa K40, unali K240. Magetsi ndi madzi ndinaziyerekeza pa K150. Mayendedwe anandidabwitsa kuposa zonse, chifukwa ndalama za chakudya sizinkapezeka pakamodzi, ndiye ndinkagula matumba awiri kapena atatu nthawi imodzi, ndipo ulendo uliwonse unali ndi basi ndi wilibala wake. Zonse pamodzi K450.

Palinso khola lenilenilo, zomweramo, zodyeramo ndi mbaula, zimene zinandidyera K4,000. Ena amaika ndalama yonseyi pa gulu loyamba la nkhuku n'kukhumudwa, ena samaiwerengera n'komwe chifukwa amati khola lilipo kale. Njira zonse ziwirizi zimanamiza. Ine ndinaganiza kuti zipangizozi zidzatumikira magulu khumi zisanafune kukonzedwa kapena kugulidwanso, ndipo ndinaika K400 pa gulu ili. Mukaphatikiza makala, katemera, mankhwala, utuchi, magetsi, mayendedwe ndi gawo la khola mupeza K2,440, ndalama yoposa imene ndinagulira anapiye onse. Pa tsiku la 42, anapiye, chakudya ndi zing'onozing'onozi zinakwana K9,540. Kugawa ndi nkhuku 93 zamoyo, iliyonse inali itandidyera pafupifupi K103. Nambala imeneyi sindinaidziwe tsiku limenelo, popeza ndinkalemba m'kope koma sindinkaphatikiza, ndipo kusaidziwako ndi kumene kunandigwetsa.

M'mawa wa tsikulo kunabwera mayi wina amene amagula nkhuku m'makomboni n'kukagulitsa ku msika wa Soweto. Anagwira nkhuku zingapo, kukweza m'manja ndi kupapasa chidali, kenaka anati, "Bambo, zonsezi ndingatenge lero pa K115 imodzi, ndalama pompano." Ine ndinaseka. Ndinamuuza kuti pakhomo pano anthu amagula K130, ndipo sindingataye K15 pa nkhuku iliyonse. Iye sanakangane nane. Anangoti, "Chabwino bambo, koma nkhuku zanuzi sizidziwa kuti mukudikira mtengo, zizidyabe." Anasiya nambala yake ya foni n'kupita.

Chimene sindinawerengere n'chakuti nkhuku ya masabata asanu ndi limodzi imadya pafupifupi magalamu 200 pa tsiku. Thumba la finisha la K630 likutanthauza K12.60 pa kilogalamu, choncho nkhuku iliyonse imadya K2.52 tsiku lililonse limene yagona m'khola. Nkhuku 93 zimadya K234 pa tsiku, ndipo thumba lathunthu silitha masiku atatu. K15 imene ndinkaiteteza inali yokwanira kudyetsa nkhuku imodzi masiku asanu ndi limodzi basi. Nkhuku iliyonse yogulitsidwa pa K130 masiku amenewo asanakwane inali kundipatsa kenakake koposa mtengo wa mayi uja, koma iliyonse yopyola pamenepo inali itadya kale kusiyanako.

Wina anganene kuti nkhukuyo ikupitiriza kukula, ndipo n'zoona, chifukwa pa msinkhu umenewo imaonjezera magalamu 80 kapena kuposerapo pa tsiku. Koma m'komboni nkhuku yamoyo siigulitsidwa pa sikelo. Wogula amayang'ana, amakweza m'manja, n'kulipira mtengo umene aliyense akuudziwa, kaya nkhukuyo ndi ya makilogalamu 2.4 kapena 3. Nyama yoonjezerayo imakhala mphatso yanu kwa iye. Masamuwa amasintha kwa munthu amene amapha, kusosola ndi kugulitsa pa kilogalamu, chifukwa iye amalipidwa pa kulemera, ngakhale ayenera kukumbukira kuti nkhuku yososoledwa ndi kuchotsedwa zam'kati imatsala pafupifupi magawo 7 pa 10 a kulemera kwake. Kupha ndi kuika mufiriji kumaletsanso nkhuku kudya, ndipo imeneyi ikanakhala njira yanga, koma ndi magetsi a chaka chimenecho sindikanaika nyama ya ndalama zochuluka choncho mufiriji imene imagona yozima.

Cholakwa china ndinali nditachichita kale tsiku logula anapiye. Ndinawatenga kumayambiriro kwa Juni, ndiye anakhwima pakati pa Julayi, nthawi imene anthu apantchito ndalama zawathera ndipo ndiwo ndi kapenta ndi repu. M'masiku oyamba ndinagulitsa nkhuku 25 pa K130 kwa anansi ndi anthu a kutchalitchi, ndalama pamanja, K3,250. Zinatsala 68 ndipo ogula anatha. Patapita masiku atatu, poona thumba latsopano la finisha likutsika, ndinavomera kupereka nkhuku 28 pa ngongole kwa anzanga akuntchito ndi achibale, kuti adzalipire kumapeto kwa mwezi. M'kope ndinalemba K3,640, koma m'manja munalibe kanthu, ndipo nkhuku 40 zotsala zinkafuna thumba lina. Pa tsiku la 50 ndinaimbira mayi wa ku Soweto uja. Anabwera, sananene kanthu za tsiku lija, ndipo anatenga 25 pa mtengo womwe uja wa K115, K2,875, nkhuku zimene tsopano zinali zolemera kuposa kale ndi chakudya changa.

Zotsala 15 zinakhala mpaka tsiku la 56. Imodzi ndinaipeza m'mawa itagona chagada yafa, monga zimachitira nkhuku zazikulu zimene mtima walephera kusenza thupi, ndipo imeneyo inapita ndi ndalama zoposa K100. Ziwiri tinadya kunyumba. Zomaliza 12 ndinagulitsa pa K120 kwa mayi wophika nsima pafupi ndi siteshoni ya mabasi, K1,440. Unali kale mathero a mwezi, koma anthu amene akanagula pa K130 anali omwe aja amene ndinawapatsa pa ngongole. M'masabata awiri odikirawo nkhuku zinadya matumba awiri a finisha, K1,260.

Tsopano kuphatikiza. Zotuluka zinakwera kuchoka pa K9,540 kufika pa K10,800, ndipo mwa ndalama zimenezi chakudya chokha chinali K6,460, pafupifupi magawo 6 pa 10. Munthu akagawa K10,800 ndi anapiye 100 amene anagula apeza K108, n'kuganiza kuti kugulitsa pa K115 kuli ndi phindu. Koma anapiye akufa salipira kanthu. Nkhuku zimene zinathandiza munthu zinali 92, ndiko kuti 90 zogulitsidwa ndi ziwiri zodyedwa, ndipo K10,800 kugawa ndi 92 ndi K117 ndi mangwee pang'ono. Mtengo wa K115, umene pa tsiku la 42 unali ndi phindu la K12 pa nkhuku, pamapeto unali pansi pa ndalama imene nkhuku iliyonse inandidyera.

Zolowa zolembedwa m'kope zinali K11,205. Mwa angongole, ambiri analipira, ena pa tsiku lake ena mochedwa, koma anthu awiri amene anatenga nkhuku ziwiriziwiri sanalipire mpaka pano, ndipo mmodzi wa iwo ndi wachibale amene sindingamulondole kawiri popanda nkhani kufika kumudzi ku Katete. Imeneyo ndi K520, ndipo ndalama zenizeni zolandiridwa zinali K10,685. Manyowa, utuchi wosakanikirana ndi zitosi, ndinagulitsa kwa olima masamba matumba 8 pa K25, K200. Zonse K10,885. Kuchotsapo K10,800, m'manja munatsala K85. Nkhuku ziwiri zimene tinadya ndinaziwerengera pa K130 imodzi, popeza tikanagula ndiwo tsiku limenelo, ndipo phindu linafika pa K345.

Pa ndalama imeneyi sindinachotsepo ntchito yanga kapena ya amayi a kunyumba, amene ankatsuka zomweramo m'mawa uliwonse ndisanabwere kuntchito n'kuyamba kudzitcha mlimi. Pali amene amati ntchito ya mwini siiwerengedwa. Ine ndikuona kuti kwa nkhuku 100 n'kovuta kuipatsa mtengo weniweni, koma n'kosavuta kugawa phindu ndi masiku. K345 pa masiku 56 ndi K6 pa tsiku, ya anthu awiri, mmodzi wa iwo akudzuka usiku kusonkha moto.

Nditamaliza zimenezi ndinatsegula tsamba lina n'kulemba zimene zikanachitika ndikanavomera mawu a mayi uja pa tsiku la 42. Nkhuku 93 pa K115 ndi K10,695. Kuphatikiza manyowa K200 ndi kuchotsa K9,540, phindu likanakhala K1,355, lonse pamanja tsiku limodzi, lopanda ngongole, ndipo khola likanayamba kupuma masabata awiri msanga. Kupumako kuli ndi mtengo wakenso, chifukwa khola limafunika kutsukidwa ndi kukhala lopanda kanthu pafupifupi masabata awiri anapiye ena asanalowe, ndipo tsiku lililonse lochedwa kugulitsa limachedwetsa gulu lotsatira. Sindikunena kuti wogula wopikula ndiye wabwino nthawi zonse. Njira yoposa zonse ikanakhala kugulitsa 25 zija pa K130 kwa anansi m'masiku oyamba ndi kupatsa mayiyo 68 zotsala nthawi yomweyo pa K115, ngati akanavomera. Pamenepo zolowa zikanakhala K11,070, ndipo phindu pamodzi ndi manyowa likanafika pa K1,730. Ngakhale nambala imeneyi, yabwino koposa imene gulu limeneli likanapereka, ili kutali kwambiri ndi K5,900 ya masamu anga a pamtima.

Zikuonekanso kuti gulu la nkhuku 100 limasenza zinthu zina zimene sizichepa chifukwa nkhuku zachepa. Mbaula ziwiri zimene zinafunditsa anapiye 100 zikanafunditsa ochulukirapo ndi makala omwewo, botolo la katemera ndi lomwelo, ndipo galimoto yonyamula matumba onse pa ulendo umodzi ikanatsika mtengo kuposa maulendo anga a basi ndi wilibala. Koma kuonjezera nkhuku musanadziwe kumene zipite kumangoonjezera pakamwa podya K2.52 pa tsiku, ndipo anansi anga ogula pa K130 ndi omwe aja 25, kaya m'khola muli nkhuku 100 kapena 300.

Gulu lachiwiri ndinaliyamba ndi kalendala. Ndinasankha tsiku limene anthu ambiri amakhala atalandira malipiro, ndinawerenga masiku 42 chobwerera m'mbuyo, ndipo ndinaitanitsa anapiye pa tsiku limenelo. Nkhuku zitafika masabata anayi ndinayamba kulemba maina a ofuna kugula, ndipo ndinaimbira mayi wa ku Soweto kuti tigwirizane tsiku limene adzatenge zotsala. M'kope ndinaonjezera mzere umodzi kumapeto kwa sabata lililonse: ndalama zonse zotuluka mpaka pano, kugawa ndi nkhuku zamoyo tsiku limenelo. Amayi a kunyumba ndiwo amasunga kopelo tsopano, ndipo pa tsamba la gulu loyamba, pansi pa K520 ija, analemba ndi pensulo kuti ikadalipobe.